Kompyuta ikulira koma sikuyaka: mafunso ndi mayankho pa kaliridwe kake ndi kubwezeretsa memori

N'chifukwa chiyani kompyuta ikungolira m'malo molemba vuto lake pa sikirini?

Mukadina batani loyatsira, pulogalamu yoyamba kugwira ntchito si Windows kapena Linux ayi, koma kapulogalamu kamene kamakhala pa bolodi lalikulu la kompyutayo, kotchedwa BIOS, kapena UEFI pa makompyuta a masiku ano. Kapulogalamuka kamayamba ndi kupima ziwalo zofunika kwambiri chimodzichimodzi, ntchito imene m'mabuku a makompyuta imalembedwa kuti POST. Kamayang'ana purosesa, kenako memori, ndipo pambuyo pake m'pamene kamadzutsa gawo lotulutsa zithunzi. Ngati vuto lapezeka gawo la zithunzilo lisanadzuke, kompyuta ilibe njira yolembera chilichonse pa sikirini, choncho imalankhula kudzera m'kasipika kakang'ono kamene kali pa bolodi. Ichi n'chifukwa chake mavuto a memori amamveka kwambiri mwa kulira: memori imapimidwa sikirini isanayake, ndipo popanda memori yogwira ntchito BIOS singapite patsogolo.

Kulirako ndi nkhani yabwinoko kusiyana ndi chete. Kompyuta imene ikulira mwadongosolo ikusonyeza kuti magetsi akufika pa bolodi, ndiponso kuti purosesa yadzuka mokwanira kuyendetsa malangizo oyambirira.

Ndiwerenge bwanji kulirako kuti ndisalakwitse?

Zinthu zitatu ndi zimene muyenera kumvetsera: kuchuluka kwa kulira, kutalika kwa kulira kulikonse, ndi malo amene kompyuta ikupumira. Makompyuta ambiri amalira, kupuma kwa kanthawi, n'kubwerezanso chimodzimodzi, ndipo munthu amene sanazindikire kupumako amaphatikiza maulendo awiri n'kuwerenga 6 pamene kulira kwenikweni kunali katatu. Njira yosavuta ndiyo kujambula phokosolo pa foni, kenako kulimvetsera modekha mukulemba papepala mzere pa kulira kotalika ndi kadontho pa kulira kwakufupi. Zimitsani ndi kuyatsanso kawiri kapena katatu kuti muone ngati kaliridwe kake kakufanana ulendo uliwonse.

Kulira kumodzi kwakufupi kotsatiridwa ndi chithunzi pa sikirini si vuto. Pa mabolodi ambiri kumatanthauza kuti kupima kwatha bwino.

Kodi pali mndandanda umodzi wa matanthauzo umene ndingadalire?

Ayi, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amasokerera. Kaliridwe kameneka sikanagwirizanidwe ndi makampani onse. Kampani iliyonse yolemba BIOS ili ndi dongosolo lake, ndipo makampani opanga makompyuta athunthu nawonso amaika lawolawo, limene limathanso kusintha pakati pa mitundu ya makompyuta a kampani yomweyo.

Taonani chitsanzo chimene chimaonetsa bwino kuopsa kwa kuloweza mndandanda umodzi. Pa BIOS yakale ya Award, kulira kumodzi kotalika kotsatiridwa ndi kuwiri kwakufupi kumanena za gawo la zithunzi, pamene vuto la memori limamveka ngati kulira kotalika kobwerezabwereza kosalekeza. Koma m'mabuku a mabolodi ambiri a ASUS, kulira kumodzi kotalika ndi kuwiri kwakufupi kumatanthauza kuti memori sinapezeke, ndipo vuto la zithunzi ndi kulira kumodzi kotalika ndi kutatu kwakufupi. Phokoso ndi limodzimodzi, koma munthu amene watenga tanthauzo la bolodi lina akhoza kukagula khadi la zithunzi latsopano pamene vuto linali kabolodi ka memori kosakhazikika.

Pa BIOS yakale ya AMI, kulira kwakufupi kamodzi, kawiri kapena katatu popanda chithunzi kumaloza ku memori, kasanu kumaloza ku purosesa, ndipo ka 8 kumaloza ku memori ya gawo la zithunzi. BIOS ya Phoenix inkalira m'magulu olekanitsidwa ndi kupuma, kotero kuti 1-3-4-1 ndi kulira kamodzi, kupuma, katatu, kupuma, kanayi, kupuma, kenako kamodzi, ndipo kaliridwe kameneka kamanena za memori. Pa makompyuta ambiri a Dell Inspiron kulira kawiri kumatanthauza kuti memori sinapezeke, kanayi n'kuti memori yalephera kuwerengedwa kapena kulembedwa, ndipo kasanu n'kuti batire laling'ono la pa bolodi lafooka. Makompyuta akale a m'maofesi a HP ankalira kasanu pa vuto la memori, pamene atsopano amalira katatu motalika ndi kawiri mwachidule. Mwaona kuti kulira kasanu kokha kwatanthauza zinthu zitatu zosiyana m'ndime ino.

Maganizo anga ndi akuti kaliridwe muzikatenga ngati chala choloza komwe muyambire kufufuza, osati ngati chigamulo. Ngakhale mutawerenga molondola, kompyuta imangonena kuti yaima pamene inkapima memori. Sinena ngati cholakwa ndi kabolodi ka memoriko, mpata umene kalowamo, kapena njira yochokera ku purosesa.

Nanga ndidziwa bwanji mndandanda woyenera pamene sikirini siyaka?

Ngati kompyuta inagulidwa yathunthu, dzina la mtundu wake lili pa kapepala komatidwa kumbuyo, pambali kapena pansi pake, ndipo buku la okonza la mtundu umenewo limapezeka kwa kampani yomwe inaipanga. Ngati inachita kulumikizidwa kuchokera ku ziwalo zosiyanasiyana, tsegulani chivundikiro ndi kuwerenga dzina lolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu pa bolodi lalikulu, nthawi zambiri pafupi ndi mpata wa khadi la zithunzi. Buku la bolodi limenelo ndi lofunika kuposa mndandanda wina uliwonse, ndipo mudzalifunanso posankha mipata ya memori.

Dzulo inkayenda bwino ndipo sindinaitsegule. Memori ingasunthe yokha?

Ingathe, ngakhale kuti kusunthako sikuoneka ndi maso. Kabolodi ka memori kali ndi timano tagolide m'munsi mwake timene timakhudzana ndi tizitsulo ta mu mpata. Pa kompyuta ya pa desiki, kabolodi ka memori ya mtundu wa DDR3 kali ndi timano 240, pamene ka DDR4 ndi ka DDR5 kali ndi 288, ndipo kadzino kamodzi kokha kakaleka kukhudza bwino, kupima kumatha kulephera. Kutentha ndi kuzizira kwa tsiku ndi tsiku kumachititsa ziwalo kufutukuka ndi kunyala pang'onopang'ono, kunyamula kompyuta kumaigwedeza, ndipo fumbi ndi chinyezi zimaika kalitsiro kopyapyala pa tizitsulo. Mukachotsa kabolodi n'kukabwezeretsa, timanoto timakhulana ndi tizitsulo ta mu mpata, litsiro limachoka, ndipo kabolodi kamakhalanso pa malo ake enieni.

Ndichite chiyani ndisanagwire chilichonse m'kati?

Zimitsani kompyuta ndi kuzula chingwe cha magetsi, chifukwa bolodi limakhalabe ndi magetsi pang'ono ngakhale kompyuta itazima, malinga ngati chingwe chili cholumikizidwa. Mukazula, dinani batani loyatsira kwa masekondi 10 mpaka 15 kuti magetsi otsalira athe. Kuchotsa memori pa bolodi limene lili ndi magetsi kungaononge memoriyo ndi bolodi lomwe.

Kenako chotsani magetsi amene amadziunjika m'thupi, aja amene nthawi zina amakuthethetsani mukagwira chitsulo. Gwirani chitsulo chosapentedwa cha bokosi la kompyuta musanakhudze chiwalo chilichonse, ndipo muzibwereza zimenezi mukasuntha. Kabolodi ka memori kagwireni m'mbali mokha, osakhudza timano tagolide, chifukwa mafuta a m'zala amatsalira pamenepo. Jambulani chithunzi cha m'katimo kuti mukumbukire mpata umene kabolodi kalikonse kanali. Bokosi lachitsulo logawa magetsi, limene chingwe chimalowamo, musalitsegule n'komwe, popeza ziwalo zake zimasunga magetsi oopsa ngakhale chingwe chitazulidwa.

Kodi kabolodi ka memori kamachotsedwa ndi kubwezeretsedwa bwanji pa kompyuta ya pa desiki?

Gonekani bokosi cham'mbali kuti bolodi lalikulu liyang'ane kumwamba, chifukwa mukakankha bokosi lili chiimire mphamvu yanu simapita molunjika. Mipata ya memori ndi yaitali, yoyandikana, pafupi ndi purosesa, ndipo kumapeto kwake kuli tizopanira tapulasitiki. Kankhirani tizopanirato kunja, ndipo kabolodi kadzatukuka pang'ono kokha. Kakokeni molunjika m'mwamba, osakagwedezera uku ndi uku. Mabolodi ambiri atsopano ali ndi chopanira chotseguka mbali imodzi yokha, pamene cha mbali inayo n'chokhazikika, ndipo mukachikakamiza chimathyoka.

Musanabwezeretse, yang'anani m'munsi mwa kabolodi. Pakati pa timano pali gwelu, ndipo gweluyo sali pakatikati penipeni. Mu mpata muli kachotupa kamene kayenera kulowa m'gwelumo, kotero kuti kabolodi kamalowa njira imodzi yokha. Ngati gwelu ndi kachotupa sizikuyang'anizana, tembenuzani kabolodi. Zikayang'anizana, ikani zala zamanthu ziwiri pamwamba pa kabolodi kumapeto konse kuwiri ndi kukankha molunjika pansi.

Apa pali cholakwa chimene ndimachiona kuposa china chilichonse: anthu amaopa kukankha. Kabolodi ka memori kamafuna mphamvu yochulukirapo kuposa imene munthu woyamba kumene amayembekezera, ndipo kamatha kuoneka ngati kalowa pamene kangokhala pakamwa pa mpata. Chizindikiro chakuti kalowa n'chakuti tizopanira tadzitsekera tokha ndi kaphokoso kakuti "kha", n'kulowa m'timabowo ta m'mbali mwa kabolodi. Musatseke tizopanira ndi dzanja pofuna kuthandizira, chifukwa mungabise kabolodi kamene kalowa theka. Pa mpata wa chopanira chimodzi, mbali yokhazikikayo ndi imene imakonda kutsalira m'mwamba, choncho ikankheni payokha mpaka mutamva kuti yakhala. Pomaliza, weramani ndi kuyang'ana cham'mbali ndi tochi. Timano tagolide tiyenera kukhala titamira mu mpata mofanana kuyambira mbali ina mpaka inzake, ndipo timabolodi tiwiri tofanana tiyenera kulingana msinkhu.

Ngati bolodi lili ndi mipata inayi ndipo timabolodi ndi tiwiri, mabuku a mabolodi ambiri amanena kuti tiikidwe mu A2 ndi B2, kutanthauza mpata wachiwiri ndi wachinayi kuwerenga kuchokera ku purosesa, ndipo kabolodi kamodzi kokha kaikidwe mu A2. Mayinawa amalembedwa pa bolodi pafupi ndi mipatayo.

Nanga pa laputopu?

Timabolodi ta laputopu ndi tatifupi ndipo timagona chafufumimba. Mukatsegula chivundikiro cha pansi, chotsani batire kapena zulani kawaya kake pa bolodi. Kankhirani kunja tizitsulo tiwiri ta m'mbali, ndipo kabolodi kadzatukuka n'kuima chopendekeka. Pobwezeretsa, kalowetseni chopendekeka momwemo, pafupifupi madigiri 30, mpaka timano titamira, kenako kakanikizeni pansi kuti tizitsulo tikagwire. Amene amakanikiza pansi asanalowetse mokwanira amatseka kabolodi timano tili panja. Malaputopu ambiri opyapyala ali ndi memori yowotchereredwa pa bolodi, ndipo pa amenewo palibe chobwezeretsa.

Kodi ndipukute timano tagolide, ndipo ndi chiyani?

Ngati tikuoneka toyera, kubwezeretsa kokha n'kokwanira. Ngati pali zidindo za zala kapena litsiro, pukutani ndi kansalu kosasiya ubweya konyowetsedwa pang'ono ndi sipiriti wa ayisopuropo wosasungunulidwa kwambiri ndi madzi, ndipo dikirani kuti paume. Anthu ambiri amagwiritsa ntchito labala yofufutira pensulo, ndipo nthawi zina imathandiza, koma ine sindiikonda, chifukwa golide wa pamenepo ndi wopyapyala kwambiri ndipo zinyenyeswa za labala zimagwera mu mpata. Sandipepa, mpeni ndi madzi zisayandikire. Fumbi la mu mpata lichotseni ndi mpweya wopopera, osati ndi pakamwa, chifukwa mpweya wa m'kamwa uli ndi chinyezi.

Ndabwezeretsa bwinobwino koma ikulirabe chimodzimodzi. Ndiye kuti memori yafa?

Musafulumire kugula ina. Njira yodziwira ndiyo kusintha chinthu chimodzi pa ulendo umodzi, mukuzimitsa ndi kuzula chingwe nthawi iliyonse, ndi kulemba zotsatira zake.

Ndinakumanapo ndi kompyuta ya pa desiki imene inali ndi timabolodi tiwiri ta DDR4 ta 8 GB kalikonse, mu A2 ndi B2. Inkalira kamodzi motalika ndi kawiri mwachidule, ndipo buku la bolodi lake linkanena kuti memori sinapezeke. Kubwezeretsa timabolodi tonse sikunasinthe kanthu. Ndinamata kapepala pa kabolodi kalikonse, kena nambala 1, kena nambala 2, kuti ndisasokoneze. Ka nambala 1 kokha mu A2, kompyuta inayaka. Ka nambala 2 kokha mu A2 momwemo, inayakanso. Pamenepa zinadziwika kuti timabolodi tonse tinali tamoyo, ndipo amene akanagula memori yatsopano akanataya ndalama. Nditaika kamodzi mu B2, kulira kunabwerera, ndipo mu B1 zinali chimodzimodzi.

Mpata umodzi ukakana, timakayikira fumbi kapena kachitsulo kopindika mu mpatawo. Koma B1 ndi B2 ikakana pamodzi, ndiye kuti njira yonse ya B yatsekeka, ndipo njira imeneyi imakathera ku purosesa, chifukwa pa makompyuta a masiku ano gawo loyendetsa memori lili m'kati mwa purosesa momwemo. Nditafunsa mwini wake, anandiuza kuti anachotsa choziziritsira purosesa kuti apukute fumbi, ndipo pobwezeretsa anamanga sikuluwu imodzi mpaka kumapeto asanayambe zinzake. Choziziritsiracho chinkapsinja purosesa mbali imodzi, ndipo tizitsulo tina ta pansi pake sitinkakhudza bwino. Ndinamasula masikuluwu onse anayi, ndinayang'ana ndi tochi kuti mu soketi ya purosesa mulibe kachitsulo kopindika, ndinapaka phala latsopano lopititsa kutentha, kenako ndinamanga pang'onopang'ono mopingasa, ngodya ina kenako yoyang'anizana nayo. Kompyuta inayaka ndipo BIOS inaonetsa 16 GB yonse.

Kuyesa komweku kukanatha kupereka mayankho ena. Kabolodi kamodzi kakanakana mu mpata umene kanzake kakuyakira, kabolodiko kakanakhala kakufa. Timabolodi tonse tikanakana mu mipata yonse, kukanafunika kubwereka kabolodi kamene kakudziwika kuti n'kamoyo, popeza timabolodi tiwiri sitifa kawirikawiri tsiku limodzi, ndipo maso akanatembenukira ku bolodi, purosesa kapena bokosi logawa magetsi.

Kulira kwayamba nditangoika memori yatsopano kapena nditasintha zina mu BIOS. Kodi ndi vuto lomwelo?

Yambani ndi kukankha bwino monga tafotokozera, kenako werengani kapepala ka pa kabolodi. Mibadwo ya memori sisakanizika, ndipo gwelu wa DDR3, DDR4 ndi DDR5 ali pa malo osiyana mwadala, kotero kuti kabolodi kamene kakukana kulowa mbali zonse ziwiri si ka bolodi limenelo. Pali msampha wina pa DDR3: ya masiku onse imafuna mavoti 1.5 pamene DDR3L imayenda pa 1.35, ndipo ziwirizi zimalowa mu mpata umodzimodzi, koma malaputopu ena amafuna DDR3L yokha. Memori ya makompyuta akuluakulu otumikira ena, imene pa kapepala kake pamalembedwa RDIMM kapena Registered, siyenda pa mabolodi wamba.

Ngati munayatsa XMP kapena EXPO kuti memori ithamange kwambiri ndipo kompyuta yaleka kuyaka, bwezerani BIOS mmene inalili pochokera ku fakitale. Zulani chingwe, chotsani batire lozungulira ngati ndalama yachitsulo, la CR2032, kwa mphindi zisanu, n'kulibwezera, kapena gwiritsani ntchito timapini tolembedwa CLR_CMOS kapena CLRTC motsatira buku. Tsiku ndi nthawi zingafunike kukonzedwanso, ndipo ngati disiki yanu ndi yokhomedwa ndi BitLocker, khalani ndi nambala yake yotsegulira pafupi chifukwa Windows ingaifunse.

Yanga sikulira n'komwe, mafani okha ndi amene akuzungulira. Zikutanthauza chiyani?

Kawirikawiri zimangotanthauza kuti mulibe kasipika. Mabokosi ambiri a masiku ano sabwera nako, ndipo masipika a nyimbo sagwira ntchito imeneyi pa kompyuta ya pa desiki. Kasipikaka kamalumikizidwa pa timapini tinayi tolembedwa SPEAKER kapena SPK. Mabolodi ambiri atsopano ali ndi timagetsi tinayi tolembedwa CPU, DRAM, VGA ndi BOOT, ndipo kamene katsala koyaka kakusonyeza pamene kupima kwaima. DRAM ndi memori.

Ngati kasipika kalipo, chotsani memori yonse n'kuyatsa. Bolodi lamoyo liyenera kulira podandaula kuti memori palibe, ndipo likakhala chete, vuto silili pa memori, koma ku magetsi, ku purosesa kapena pa bolodi lenilenilo. Dziwaninso kuti kompyuta ya DDR5 ikayatsidwa koyamba mutasintha memori imatha kukhala mphindi zingapo sikirini ili bii, kagetsi ka DRAM kali koyaka, pamene ikuyesa liwiro loyenera memoriyo. Ipatseni mphindi zisanu musanaizimitse.

Yayaka tsopano. Kodi pali china chofunika kuchita?

Lowani mu BIOS ndi kuona ngati kuchuluka kwa memori kukufanana ndi kumene mwaika, chifukwa kompyuta imatha kuyaka ndi kabolodi kamodzi n'kunyalanyaza kanzake kosalowa bwino, n'kuonetsa 8 GB m'malo mwa 16 GB. Kupima kwa POST n'kwachidule ndipo sikugwira zolakwa zonse, choncho pimaninso mokwanira. Pa Windows, dinani kiyi ya Windows pamodzi ndi R, n'kulemba:

```
mdsched.exe
```

Mukadina Enter n'kusankha kuti kupima kuyambe nthawi yomweyo, kompyuta idzazima n'kuyakanso kuti ipime memori. MemTest86+ imapima mozama kuposa pamenepa, imayendetsedwa kuchokera pa fulashi, ndipo ndi bwino kuisiya izungulire maulendo angapo, ngakhale usiku wonse. Cholakwa ngakhale chimodzi si chonyalanyaza. Chikapezeka, zimitsani XMP kapena EXPO ngati inali yoyatsa, kenako pimani kabolodi kalikonse pakokha mu A2 kuti mudziwe kamene kakulakwitsa. Ngati kulira kukubwerera pakapita masabata angapo ndipo kumatha mukangobwezeretsa kabolodi mu mpata womwewo, tizitsulo ta mu mpatawo tafooka, ndipo pa bolodi la mipata inayi mungasamutsire timabolodi ku A1 ndi B1 ngati buku lake likulola.